Tebulo la ntchito zimene mukufunsira: tsiku lotseka, malipiro ndi pamene zinthu zafika

Funso: "Ndimakhala ku Chitakale kuno ku Mulanje, ndipo ndili ndi dipuloma ya zowerengera ndalama. M'miyezi inayi yapitayi ndafunsira ntchito zoposa 20, zina za m'nyuzipepala, zina zimene anzanga amanditumizira pa WhatsApp. Ndinayamba kuzilemba mu Excel, koma ntchito ina ya ukalaliki inandidutsa chifukwa tebulo langa linkaonetsa kuti kwatsala mwezi wathunthu pamene anali atatseka kale. Tsiku lina anandiimbira foni kundiitana ku intavyu, ine osakumbukira kuti ndi ntchito iti, ngakhalenso malipiro ake. Ndikonze bwanji tebulo limeneli kuti lizindithandiza?"

Achemwali, ndiyambe ndi ntchito ya ukalaliki imene inakudutsaniyo, chifukwa ndikuganiza kuti ndikudziwa chimene chinachitika, ndipo mukapanda kuchikonza chidzachitikanso. Excel ndi Google Sheets sasunga tsiku ngati mawu. Amalisunga ngati nambala, ndipo tsiku lililonse lotsatira limawonjezera imodzi pa nambalayo. Mwachitsanzo, 8 Meyi 2025 mkati mwa pulogalamuyo ndi 45785. Vuto limabwera pamene pulogalamu ikumasulira zimene mwalemba kuti ipeze nambala imeneyi. Ife kuno timayamba ndi tsiku, kenako mwezi, kenako chaka, koma makompyuta ndi mafoni ambiri amene timagula amakhala atatcheredwa mwa Chimereka, kumene mwezi ndi umene umayamba. Mukalemba 06/05/2025 mukutanthauza 6 Meyi, kompyuta yotereyi imawerenga 5 Juni, ndipo siikuchenjezani chilichonse chifukwa 5 Juni ndi tsiku lenileni. Mwezi wathunthu umene munaona kuti watsala uja uyenera kuti unachokera pamenepa. Mukalemba 12/05/2025 imakupititsani mpaka 5 Disembala. Mukalemba 16/05/2025 imapeza kuti kulibe mwezi wa 16, ndiye imangosunga zimene mwalembazo ngati mawu wamba, moti kabokosiko kamaoneka bwinobwino koma simungawerengere nako masiku.

Pali njira yosavuta yodziwira ngati tebulo lanu lili ndi matendawa. Tsiku lenileni limakhala cha kumanja kwa kabokosi, pamene mawu wamba amakhala cha kumanzere, malinga ngati simunasinthe kaimidwe kake nokha. Mukaona kuti m'kolamu ya masiku ena atsamira kumanja ena kumanzere, dziwani kuti onse ndi okayikitsa, kuphatikizapo amene ali kumanjawo, popeza mwina tsiku ndi mwezi zinasinthana malo. Kuti mutsimikize, lembani izi m'kabokosi kopanda kanthu, poyerekeza kuti tsikulo lili mu E2:

```
=ISNUMBER(E2)
```

Likayankha TRUE ndiye kuti ndi tsiku lenileni, likayankha FALSE ndi mawu chabe. Mankhwala ake ndi awiri. Choyamba, muzilemba tsiku poyamba ndi chaka, motere 2025-05-06, chifukwa kalembedwe kameneka pulogalamu siikasokoneza. Chachiwiri, sankhani kolamu yonseyo ndi kuiuza kuti izionetsa mwezi m'zilembo. Mu Excel dinani Ctrl+1, sankhani Custom, ndi kulemba d-mmm-yyyy, kuti muziona 6-May-2025 ndi maso anu nthawi yomweyo mukangolemba. Dziwani kuti kusintha kaonekedweka sikukonza masiku amene analowa kale molakwika, kumangowaulula. Amene alakwikawo muyenera kuwalembanso mmodzimmodzi mukuyang'ana chilengezo chenichenicho.

Tsopano tibwere ku kamangidwe ka tebulo lonse. Lamulo limene sindilola wophunzira wanga aliyense kuliphwanya ndi lakuti ntchito imodzi imakhala pa mzere umodzi, ndipo kabokosi kamodzi kamasunga chinthu chimodzi. Ngati bungwe limodzi lalengeza ntchito zitatu ndipo inu mwafunsira ziwiri, imeneyo ndi mizere iwiri. Pa mzere woyamba pamwamba lembani mitu. Mu A muzilemba dzina la ntchito monga momwe alilembera eni ake, pamodzi ndi nambala ya chilengezo ngati ilipo. Mu B muzilemba olemba ntchitowo ndi malo amene ntchitoyo ili, mu C kumene munaiona ndi tsiku lake, ndipo mu D njira yotumizira kalata, kaya ndi imelo, positi, kapena kukapereka pamanja. E ndi tsiku lotseka. F, G ndi H ndi zowerengera masiku, zimene ndifotokoze posachedwa. I ndi J ndi malipiro otsika ndi okwera, K ndi mawu enieni amene chilengezo chanena pa za malipiro, L ndi pamene zinthu zafika, M ndi tsiku limene munasintha L komaliza, ndipo N ndi chimene muyenera kuchita kenako. Musaphatikize timabokosi ndipo musasiye mizere yopanda kanthu pakati pofuna kukongoletsa, chifukwa zimenezi zimasokoneza kusanja.

Mfundo imene ndikufuna muigwiritsitse ndi yakuti tsiku lotseka si limene liyenera kukutsogolerani. Tsiku lotseka ndi la olemba ntchito, limene iwo amafuna kuti kalata ikhale itafika m'manja mwawo. Lanu ndi tsiku limene kalatayo iyenera kuchoka m'manja mwanu. Kwa munthu wokhala mu Blantyre masiku awiriwa amayandikana, koma kwa inu amene muli ku Chitakale amatalikirana. Zaka zimene ndinagwira ntchito mu ofesi yolemba anthu ntchito pa esiteti ina ya tiyi kuno, ndinkaona maenvelopu akufika Lolemba pamene tinatseka Lachisanu. Mukayang'ana tsiku limene linalembedwa pa kalata mkatimo, mumapeza kuti mwini wake anailemba nthawi ikadalipo, koma sanawerengere masiku a panjira. Maenvelopu amenewo ankaikidwa pambali osawerengedwa, ndipo zinkandiwawa chifukwa ena mwa anthuwo ayenera kuti anali oyenera ntchitoyo.

Choncho mu F muzilemba chiwerengero cha masiku ogwira ntchito amene mukufuna kusiya pakati pa kutumiza ndi kutseka. Ine ndimalangiza masiku 2 pa kalata ya imelo, chifukwa magetsi akhoza kuzima kapena netiweki kuvuta pa tsiku lomalizalo. Pa kalata yokapereka pamanja ku Limbe kapena ku Blantyre ndimalangiza masiku 3, kuti ngati ndalama ya minibasi ya pa msewu wa Midima sinapezeke lero, mawa likhalepobe. Pa ya positi musachepetse pa masiku 5, ndipo ngati ikupita ku Lilongwe kapena ku Mzuzu onjezerani. Manambalawa ndi malangizo anga, ndipo muziwasintha mukaona momwe makalata anu akuyendera. Kenako tsegulani tsamba lachiwiri m'fayilo yomweyo, mulitchule kuti Tchuthi, ndipo mu kolamu A mulembemo masiku a tchuthi cha boma a chaka chimenecho, monga 15 Januwale, 3 Malichi, 1 Meyi, 14 Meyi, 6 Julayi ndi 15 Okutobala, pamodzi ndi a Pasaka, a Idi ndi a Khirisimasi. Tchuthi chikagwera kumapeto kwa sabata n'kusunthidwira Lolemba, lembani Lolembalo. Mukatero mu G2 lembani:

```
=WORKDAY(E2,-F2,Tchuthi!$A$1:$A$20)
```

Fomula imeneyi imayambira pa tsiku lotseka n'kuwerenga chobwerera m'mbuyo, ikudumpha Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi amene mwalemba. Tiyeni tiione ikugwira ntchito. Tiyerekeze kuti ntchito ya wothandizira wowerengera ndalama ikutseka Lachisanu pa 16 Meyi 2025, ndipo akufuna kalata ya pa positi, ndiye mu F2 mwalemba 5. Munthu wowerenga pamtima akhoza kunena kuti 16 kuchotsa 5 ndi 11, koma 11 Meyi ndi Lamlungu. Fomula imawerenga Lachinayi pa 15, kudumpha Lachitatu pa 14 chifukwa ndi tsiku la Kamuzu, kenako 13, 12, kudumpha Lamlungu ndi Loweruka, kenako 9, n'kufika Lachinayi pa 8 Meyi. Ndiye kuti ntchito imene mumaiona ngati ya pakati pa mwezi, envelopu yake iyenera kukhala itachoka pa 8, ndipo ngati akufuna mafotokope a satifiketi odindidwa ndi wovomerezeka, ulendo wa ku boma wokadinditsa uyenera kuchitika tsiku limenelo lisanafike. Mukaona kuti G2 yaonetsa 45785 musadandaule, ndi tsiku lomwelo, ingopatsani kolamu G kaonekedwe ka d-mmm-yyyy monga munachitira ndi E.

Kolamu H ndi imene muziyang'ana m'mawa uliwonse, koma imadalira L, ndiye tiyambe takonza L. Anthu ambiri amalemba mu kolamu imeneyi chilichonse chimene chabwera m'mutu: lero "ndatumiza", mawa "zatumizidwa", mkuja "ndinapereka kale". Kwa munthu zonsezi ndi chimodzi, koma kwa pulogalamu ndi zinthu zitatu zosiyana, ndipo ngakhale kampata kamodzi kotsalira kumapeto kwa mawu kamachititsa kuti mzerewo usawerengedwe. Sankhani mawu ochepa ndipo musawasinthe. Ine ndimagwiritsa ntchito asanu ndi awiri: Ndikukonza, Ndatumiza, Intavyu, Andipatsa, Andikana, Chete ndi Ndasiya. Kuti dzanja lisalakwitse, sankhani kolamu L, pitani pa Data, kenako Data Validation, sankhani List mu Excel kapena Dropdown mu Google Sheets, ndi kulembamo mawu asanu ndi awiriwo, mu Excel motere: Ndikukonza,Ndatumiza,Intavyu,Andipatsa,Andikana,Chete,Ndasiya. Kuyambira pamenepo muzingosankha, osalembanso. Tsopano mu H2 lembani:

```
=IF(L2="Ndikukonza",G2-TODAY(),"")
```

TODAY() imatenga tsiku la lero pa kompyuta kapena pa foni yanu nthawi iliyonse mukatsegula fayilo, choncho nambalayo imatsika yokha tsiku ndi tsiku. Ntchito imene mwatumiza kale siionetsa kanthu, chifukwa masiku ake otsala alibenso ntchito kwa inu, ndipo maso anu amangogwera pa zimene zikudikira dzanja lanu. Nambala ikafika pa 0, lero ndi tsiku lotumiza. Ikakhala ndi kamzere kutsogolo, monga -2, mwalowa m'masiku osungira aja, ndipo muyenera kuganiza zosintha njira, mwina kukwera minibasi m'malo modalira positi. Ikaonetsa #VALUE! ndiye kuti tsiku la mu E linalowa ngati mawu, bwererani ku zimene tinayamba nazo zija. Ikaonetsa tsiku lachilendo la m'chaka cha 1900 m'malo mwa nambala, sinthani kaonekedwe ka kolamu H kakhale Number. Ngati mukufuna kuti mzere wofulumira uzifiira wokha, sankhani mizere yanu kuyambira wachiwiri, pitani pa Conditional Formatting, ndi kuika lamulo ili:

```
=AND(ISNUMBER($H2),$H2<=2)
```

Mtundu umodzi womwewo ndi wokwanira. Tebulo likakhala ndi mitundu isanu, diso limazolowera ndipo wofiirawo suchenjezanso.

Pa mawu asanu ndi awiri aja, lofunika kulifotokoza ndi Chete. Zilengezo zambiri zimanena poyera kuti adzayankha okhawo amene asankhidwa kupita ku intavyu, kutanthauza kuti kalata yokukanani simudzailandira. Mukapanda kudziikira malire, mizere 15 imakhala pa Ndatumiza kwa miyezi, mtima n'kumakhala m'mwamba ngati muli ndi mwayi 15 pamene yambiri mwa iyo inatha kale. Ine ndimati pakapita masabata 6 kuchokera pa tsiku lotseka popanda mawu, sinthani kukhala Chete. Ntchito za boma ndi za mabungwe akuluakulu zimatha kutenga miyezi ingapo, choncho zimenezo muzipatse nthawi yotalikirapo. Mzerewo musaufufute, chifukwa foni ikhoza kulira patapita miyezi itatu, ndipo mudzafuna kuupeza. Kuti mudziwe kuti ndi makalata angati amene mukudikiradi yankho, gwiritsani ntchito:

```
=COUNTIF(L:L,"Ndatumiza")
```

Kabokosi ka fomula imeneyi kakhale kunja kwa kolamu L. Mukawerenganso chimodzimodzi Intavyu ndi Chete, pakapita miyezi ingapo tebulo lidzakuuzani chinthu chimene mtima sungakuuzeni. Mukhoza kupeza kuti maintavyu onse achokera ku ntchito za ukalaliki wa sitolo ndipo palibe ngakhale imodzi yochokera ku zimene zimafuna zaka zitatu za luso, kapena kuti zilengezo za pa WhatsApp sizinabalepo kanthu. Apa ndi pamene kolamu C imaonetsa phindu lake. Ndiwonjezere kuti chilengezo chilichonse chimene chikufuna kuti mutumize ndalama pa foni kuti dzina lanu lilowe, chilembeni kuti Ndasiya tsiku lomwelo, ndipo mu N mulembe chifukwa chake, kuti chikadzabweranso ndi dzina lina mudzachizindikire.

Za malipiro zili ndi misampha yakeyake. Mu I ndi J muzilemba manambala okhaokha, monga 350000, popanda K kutsogolo, chifukwa K350,000 imalowa ngati mawu ndipo siisanjika moyenera. Manambala onse akhale a muyeso umodzi, umene ndi malipiro a pa mwezi asanachotse msonkho. Chilengezo chikapereka a pa chaka, gawani ndi 12. Chikapereka a pa tsiku, monga zimakhalira ndi ntchito zina za nyengo ya tiyi, chulukitsani ndi masiku amene mudzagwiradi, amene ndi pafupifupi 26 ngati mukugwira masiku 6 pa sabata, ndipo mu K lembani kuti ntchitoyo ndi ya miyezi ingati. Akapereka nambala imodzi yokha, ilembeni mu I ndi mu J momwe. Zilengezo zambiri za kuno sizitchula ndalama n'komwe, zimangonena kuti malipiro ndi abwino kapena kutchula giredi. Zikatero siyani I ndi J opanda kanthu ndipo mawu awowo muwakopere mu K. Musalembe 0, chifukwa AVERAGE imadumpha kabokosi kopanda kanthu koma imawerengera 0, ndipo idzakunamizani kuti ntchito za mtundu wanu zimalipira zochepa kuposa momwe zilili. Ngati nambalayo mwaimva kwa mnzanu wogwira ntchito kumeneko, ilembeni, koma mu K munene kuti ndi yongomva, kuti pa intavyu musadzaitchule ngati lonjezo la bungwelo.

Nambala yaikulu si nthawi zonse imene imasiya zambiri m'thumba, ndipo kwa munthu wa ku Mulanje zimenezi zimaonekera msanga. Nditenge manambala ongoyerekeza. Ntchito ina ili ku Limbe, ndipo akachotsa msonkho ndi gawo lanu la penshoni, limene mwa lamulo silichepera 5 pa 100 aliwonse, mumatsala ndi K330,000. Ina ili ku Luchenza ndipo mumatsala ndi K270,000. Ya ku Limbe ikufuna kuti musamuke, ndiye lendi ya K90,000 ndi minibasi ya K40,000 pa mwezi zikukusiyani ndi K200,000. Ya ku Luchenza mukhoza kuyendera kuchokera kwanu ndi K50,000 pa mwezi, n'kutsala ndi K220,000, osawerengera chimanga ndi ndiwo za pakhomo. Masamu amenewa musawachite pa mzere uliwonse, chifukwa adzakutopetsani pachabe. Achiteni pa tsamba lina pa ntchito zokhazo zimene zafika pa Intavyu, mutafunsa mitengo yeniyeni ya nyumba ndi mayendedwe ya nthawi imeneyo. Ubwino wake ndi wakuti akadzakufunsani ndalama zimene mukuyembekezera, mudzakhala mukudziwa nambala imene simungatsike kupitirira apo.

Foni ija imene inakupezani osakonzeka, tebulo lokha silikanakupulumutsani mokwanira, chifukwa zofunika pa intavyu zili m'chilengezo chenichenicho, ndipo nyuzipepala imatayika, uthenga wa pa WhatsApp umakwiririka, tsamba la pa intaneti amalichotsa akatseka. Tsiku limene mwalemba mzere, jambulani chilengezocho ndi foni, ndipo chithunzicho muchisunge m'foda imodzi pamodzi ndi kalata ndi sivi zimene munatumiza, mutaitchula dzina la bungwe ndi la ntchito monga zilili mu A ndi B. Musaitchule ndi nambala ya mzere, chifukwa mizere imasinthana malo mukasanja. Akakuimbirani, palibe cholakwika kufunsa mwaulemu kuti, "Pepani bwana, ndi pa udindo uti?" Lembani dzina la woimbayo, tsiku, nthawi, malo ndi zimene akufuna mubweretse, kenako sinthani L kukhala Intavyu, M kukhala tsiku la lero, ndipo zonsezo zilowe mu N. Tsiku la mu M muzililemba ndi dzanja kapena kudina Ctrl ndi ; pamodzi. Koma musaikemo TODAY(), chifukwa imeneyo idzasintha mawa ndipo simudzadziwanso kuti zinachitika liti.

Pa kusanja samalani kwambiri, chifukwa ndi pamene matebulo ambiri amafera. Mukasankha kolamu imodzi yokha n'kuisanja, masiku amasuntha koma maina a ntchito amatsala pamalo pake, ndipo ntchito iliyonse imatenga tsiku la inzake popanda chizindikiro chilichonse. Excel imafunsa ngati mukufuna Expand the selection, ndipo yankho nthawi zonse likhale limenelo. Njira yotetezeka ndi kuyatsa Filter pa mzere wa mitu, kapena mu Excel kudina Ctrl+T kuti zonse zikhale tebulo limodzi, kenako kusanja pogwiritsa ntchito kamuvi ka pa mutu wa G. Mukazindikira kuti mwalakwitsa, dinani Ctrl+Z nthawi yomweyo musanasunge fayilo.

Ngati mumagwiritsa ntchito kompyuta ya pa malo olipira kapena ya mnzanu, ndikulangizani Google Sheets, chifukwa fayilo imakhala mu akaunti yanu ndipo mukhoza kuitsegula pa foni muli m'minibasi. Pa kompyuta pitani pa File, kenako Settings, ndi kusintha Locale kukhala United Kingdom kuti tsiku liziyamba mwezi usanabwere. Pa foni yatsani Available offline pa fayiloyo kuti izitseguka ngakhale bandulo itatha, ndipo musaiwale kutuluka mu akaunti yanu mukamaliza pa kompyuta ya eni. Mafomula ndi Data Validation muzikonze kamodzi pa kompyuta, muwakokere pansi pamene mukuwonjezera mizere, ndipo pa foni muzingolemba ndi kusankha. Madzulo a Lamlungu lililonse tsegulani tebulolo, lowetsani zilengezo zatsopano za sabata imeneyo, sanjani ndi G, sinthani zimene zakwana masabata 6 kukhala Chete, ndipo onetsetsani kuti mzere uliwonse umene uli pa Ndikukonza kapena Intavyu uli ndi chochita chenicheni mu N, monga "kukadinditsa satifiketi ku boma Lachiwiri" kapena "kuimbira aphunzitsi anga akale kuti avomere kundichitira umboni".